Mayi Petronela ndi Kapepala ka Munthu Wopanda Dzina

Mayi Petronela Alfazema amakhala ku Zingwangwa, m'nyumba ya mpanda wa malata akale kumtunda kwa msika. Ambiri amene amawaona Lamulungu akulowa m'tchalitchi ndi ndodo amangowadziwa ngati mayi wovuta uja amene amakonza munthu akaphonya liwu powerenga Malembo. Ndi zoona, amakonza. Ine anandikonzapo kawiri pamaso pa anthu, ndipo kawiri konseko wolakwa ndinali ine.

Anabadwira ku Nsanje. Sukulu analekezera Fomu 2, chifukwa madzi atasefukira ndi kutenga munda bambo awo sanathenso kuwapititsa. Mu 1974 anakwera sitima kubwera ku Blantyre kwa amalume awo, naphunzira kutaipa. Patapita zaka ziwiri anapeza ntchito pa koleji ina yophunzitsa ntchito zamanja, ndipo anakhala pa mpando womwewo zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Ntchito yawo yaikulu inali kutaipa mafunso a mayeso. Masiku amenewo kunalibe kompyuta. Ankataipa pa pepala la phula lotchedwa sitensulo, atachotsa riboni pa makina kuti zilembo ziboole phulalo, kenaka pepalalo ankalimanga pa makina opukusa ndi dzanja kuti litulutse makope. Vuto linali lakuti aphunzitsi ankalemba masamu okhala ndi zizindikiro zimene pa makina otaipira palibe. Mayi Petronela ankasiya mpata, akamaliza n'kutenga cholembera cha nsonga ya chitsulo n'kujambula chizindikiro chilichonse ndi dzanja. Akalakwitsa ankapakapo mankhwala ofiira onunkha, n'kudikira aume. Mapepala a dipatimenti iliyonse anali ndi failo yake: omanga nyumba, okonza magalimoto, a mipope ya madzi, a magetsi. Pepala lolowa m'failo yolakwika linali mlandu, chifukwa ndiye kuti ophunzira alandira mayeso a anzawo.

Anakwatiwa, anabereka ana anayi, anaika m'manda mwamuna ndi mwana mmodzi. Atapuma ntchito palibe amene anawafunsanso za masamu. Ndi zimene ndikufuna kulemba pano, ndipo ndilemba zimene ndinaona ndekha. Pamene ndinangomva kwa ena ndinena kuti ndinamva.

Ine ndili m'gulu la mphakati wathu loyendera odwala. Lachitatu lililonse masana timapita ku chipatala chachikulu ndi sopo, nthochi ndi pemphero. Lachitatu lina mu Okutobala chaka chatha tinalowa m'wodi ya amuna ovulala, ndipo nesi wina dzina lake Phoebe, amene amatidziwa, anatiitanira pa bedi la pakona.

"Bambo Rafaeli, uyu ndiye wofunika inu," anatero. "Alibe gadiyani. Alibe ndi dzina lomwe."

Panagona mwamuna wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu. Mutu unali wokulungidwa, nkhope yotupa moti ngakhale mayi ake akanadutsa osamuzindikira. Sankayankhula, sankatsegula maso. Nesiyo anati galimoto inamugunda Lachiwiri m'mawa akuwoloka msewu pa Chemusa, ndipo pamene anthu achifundo ankamukweza, chikwama ndi foni zinali zitapita kale ndi anthu ena opanda chifundo.

Amene sanagonepo m'chipatala sadziwa kuti gadiyani ndi ndani. Gadiyani ndi m'bale amene amakhala pambali pa wodwala, kumusambitsa, kumutembenuza kuti asatuluke zilonda, kumuchapira, kuthamangira nesi zinthu zikasintha. Magadiyani a mabedi oyandikana ankamuthandiza mosinthana, koma aliyense anali ndi wake womuyang'anira. Ndipo tonse tinkadziwa chimene sitinkachitchula: munthu akamwalira wopanda abale, amaikidwa ndi anthu osamudziwa, popanda wolira, ndipo kwawo amakhala akumudikira zaka.

"M'matumba munalibe kanthu?" ndinafunsa.

"Kapepala kamodzi basi," anatero Phoebe. "Ife tilibe nthawi yokafufuza. Jambulani muonetse anthu, mwina wina adziwa."

Kanali kachidutswa ka thumba la simenti, kopindidwa kanayi mpaka kuchepa ngati bokosi la machesi. Panali mizere iwiri yolembedwa ndi pensulo, ndipo kumunsi magazi anali atafafaniza zotsala. Ndinajambula ndi foni imene mwana wanga anandigulira. Ndiulule pano kuti ndinajambula mozondoka, mutu pansi, ndipo sindinadziwe.

Tili m'minibasi pobwerera, anzanga a m'gulu anayang'ana chithunzicho mmodzimmodzi. Tonse tinagwirizana msanga. Kapepala kopindidwa kakang'ono, kobisidwa m'thumba, kokhala ndi zilembo zopotana zosawerengeka: tinati ndi chithumwa cholembedwa m'Chiarabu. Tinati munthuyu ndi Msilamu, tikafunse ku mizikiti. Amene anayamba kunena zimenezi ndi ine. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma ndinanena ngati ndikudziwa.

Lachinayi ndinapita kwa Hamis, telala amene amasoka pakhonde la sitolo ku msika. Anasiya kupalasa makina, navala magalasi, nayang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, ndani wakuuzani kuti ichi ndi Chiarabu?"

"Tangoona choncho."

"Mwangoona! Inu Akatolika chilichonse chimene simutha kuwerenga mumatipatsa ife. Mawa mudzabwera ndi mapazi a nkhuku pamatope kuti ndikuwerengereni." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anatembenuza mutu wake cham'mbali. "Komanso mwazondotsa. Onani, awa ndi manambala. Foro, ziro, ziro. Pitani kwa aphunzitsi, musanditayitse nthawi, ndili ndi mayunifomu a anthu."

Komabe munthu wabwino uja anatumiza uthenga ku mizikiti iwiri kufunsa ngati pali amene akusowa. Panalibe.

Lachisanu ndinapita kwa Dennis, mphunzitsi wachinyamata wa pa sekondale ina yoyendera. Iye anaona msanga zilembo zitatu.

"Apa palembedwa cos, madala. Ndi masamu a makona atatu, timaphunzitsa Fomu 3. Koma fomula yonseyi sindikuidziwa, m'silabasi mwathu mulibe. Mwina ndi mphunzitsi mnzathu, kapena wa sukulu ya madzulo amene akubwereza Fomu 4."

Anaika chithunzicho pa gulupu ya aphunzitsi, kufunsa ngati pali sukulu imene ikusowa munthu. Tsiku linatha, palibe sukulu inayankha. Madzulo a tsikulo Phoebe anandiimbira kuti wodwala uja watentha thupi.

Loweruka m'mawa ndinapita kwa Mayi Petronela. Sindinapite kukafunsa nzeru, ndisaname. Iwo ali m'gulu lathu koma miyendo inawaletsa kuyenda, ndiye mwambo wathu ndi wakuti wina apite kukawafotokozera za odwala kuti aziwapempherera ndi maina. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba.

"Wa pakona ndimupempherera kuti ndani?" anafunsa nditafotokoza.

"Alibe dzina, Mayi."

"Dzina ali nalo. Inu ndi amene mulibe. Kapepalako kali kuti?"

"Aphunzitsi aona kale."

"Sindinafunse amene waona, Bambo Rafaeli. Ndati kali kuti?"

Ndinawapatsa foni. Anaitembenuza kuti chithunzi chiongoke, koma foni nayo inatembenuza chithunzicho. Anatembenuzanso, inatembenuzanso.

"Chinthu chanuchi n'chamwano ngati mwini wake," anatero. Anaigoneka pa mpando, nadzuka ndi ndodo yawo, nazungulira kukaima mbali inayo. "Kulitsani."

Ndinakulitsa ndi zala ziwiri. Mzere woyamba unali wotere:

I = P ÷ (√3 × V × cos φ)

kungoti wovulala uja analemba P pamwamba pa mzere wogona ndi zinazo pansi pake. Mzere wachiwiri unali ndi 30 000 pamwamba, ndipo pansi pake 1.73 × 400 × 0.85.

Mayi Petronela sanatenge nthawi yoposa imene munthu amatenga kuzindikira mwana wa mnansi wake pa gulu.

"Iyi ndi ya a magetsi," anatero.

"Aphunzitsi akuti ndi ya makona atatu."

"Aphunzitsi aona cos n'kuima pomwepo. Cos amayenda paliponse. Omanga madenga ali naye, oyeza malo ali naye. Munthu simumudziwa kwawo poona nsapato yokha, mumaona amene wayenda nawo. Taonani apa." Analoza ndi chala chosakhudza galasi. "Firii wavala ngowe. Pambali pake V. Kutsogolo kuno I ndi P. Ndipo kumapeto kamzungulire kobooledwa ndi ndodo, dzina lake fayi. Anthu amenewa akakhala pamodzi chonchi, failo yake ndi ya magetsi. Ndipo si magetsi a m'nyumba mwanu a babu ndi wailesi ayi. Ndi aja amphamvu, obwera pa mawaya atatu amoto, amene eni ake amati firii fezi. Oyendetsa mamota akuluakulu."

"Mukutsimikiza, Mayi? Munthu akufa kuchipatala. Tataya kale masiku atatu ndi zongoganiza."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ngowe imeneyi ndinailipira ndi misozi. Chaka cha 1981 ndinasiya mpata woti ndiijambule, n'kuiwala. Makope makumi asanu ndi limodzi anatuluka ali ndi firii wamaliseche. Mphunzitsi wa magetsi, malemu a Albert, sanakalipe. Anandikhazika pansi n'kunena kuti, Petronela, firii wovala ngowe si firii, ndi wani poyinti seveni firii. Ukagawa ndi firii weniweni yankho lichepa, mwana akagula waya wowonda, waya atentha, nyumba ya munthu ipsa. Ndinataipanso pepala lonse. Chichokereni tsiku limenelo ndaijambula chaka ndi chaka mpaka kupuma ntchito. Onani mzere wachiwiriwu, munthu wanuyo walemba yekha 1.73."

"Ndiye yankho lake ndi chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa?"

"Ine ndinali taipisiti, si injiniya. Ndimadziwa kwawo kwa samu, kuisova ndi ntchito ya eni ake. Chimene ndingakuuzeni ndi ichi. V ndi mavoliti, ndipo 400 ndi ya firii fezi, m'nyumba mwanu mumalowa 230. P ndi mphamvu ya mota. I ndi moto woyenda m'waya, umene amauyeza m'maampu, ndipo ndi umene munthuyu ankafuna, chifukwa wauika wokha kutsogolo. China, mwana wa sukulu salemba pa thumba la simenti, ndipo amayamba ndi nambala ya funso. Uyu analembera pa ntchito. Lekani kuvutitsa mashehe ndi aphunzitsi. Pitani kwa amisiri a magetsi."

"Ali mazanamazana m'Blantyre muno."

"A mababu ndiwo ali mazanamazana. A mamota ndi ochepa, ndipo amadziwana. Pitani ku Limbe, mukafunse shopu ya Nikolasi wogulitsa mawaya. Anaphunzira pa koleji pathu. Mukamuuze kuti mwatumidwa ndi mayi amene anamuthamangitsa pa windo la ofesi akusuzumira mayeso."

Ndinakwera minibasi nthawi yomweyo. Nikolasi ndi bambo wa mimba yake, wa imvi za m'mbali. Nditatchula za windo anagwira pakamwa.

"Akadali moyo mayi aja? Anandigenda ndi dasitala! Tapatseni ndione."

Anayang'ana kamodzi, natenga kakyuleta ya pa kauntala.

"Mayi anena zoona. Uyu amafuna kudziwa kuti mota yake idzakoka maampu angati, kuti agule waya woyenera ndi bureka yake, ija yodula moto ukachuluka. Mota ya makilowati 30, pa mavoliti 400. Iyi 0.85 ndiye cos fayi, imalembedwa pa kachitsulo ka pa mota pomwepo." Anadina manambala. "Maampu 51. Mota yotere, madala, kuno kwathu kawirikawiri ndi chigayo. Apo ayi pampu yaikulu kapena makina ochekera matabwa. Munthuyu ankabwera m'tauni kudzagula katundu. Mwina ankabwera kwa ine ndemwe."

Anaika chithunzicho pa gulupu ya amisiri a magetsi, ataongola kaye, n'kulemba kuti: ndani akumanga mota ya 30 sabata ino amene sakuoneka? Anandipatsa mpando ndi botolo la madzi. Makasitomala ankalowa ndi kutuluka. Ine ndinkangoyang'ana foni yake ili pa kauntala.

Isanakwane 2 koloko inalira. Nikolasi anaika mokweza kuti ndimve. Anali mmisiri wina wa ku Chirimba.

"Bwana Niko, amene akumanga mota ya sate ndi Everson, pa chigayo chatsopano ku Machinjiri. Mwini chigayo anandiimbira dzulo kuti ndikamalize ntchito, akuti Everson anachoka Lachiwiri m'mawa kukagula waya, mpaka lero. Akuti wathawira ntchito ina. Ine ndinakana, ndinati Everson sathawa ntchito. Ndipo seveni wodula pakati ali pa kapepalayo ndi kalembedwe kake, ndimakadziwa."

"Amakhala kuti?"

"Ku Bangwe. Ali ndi mkazi, ana awiri. Dikirani ndifunse nambala."

Ndinafuna kuuza mkaziyo zonse nthawi yomweyo. Koma ndinadziletsa, chifukwa ndinali nditalakwitsa kale kamodzi sabata imeneyo. Ndinati sitiuza mkazi wa munthu kuti mwamuna wake wavulala tisanatsimikize. Nambala itabwera, Nikolasi anaimba n'kungofunsa kuti Everson alipo.

Mayiyo, dzina lake Mervis, anayankha mosadandaula. Anati ali kuntchito ku Machinjiri, amagona konko akamamanga chigayo kuti akuba asabe mawaya. Anati foni yake yazima kuyambira Lachiwiri, koma si zachilendo, chifukwa pamalo pamene akumangapo magetsi amakhala asanalumikizidwe, alibe potchajira. Anati amamuyembekezera madzulo a tsiku lomwelo.

Ndi m'mene munthu anasowera masiku asanu popanda womufuna. Kuntchito ankati wathawa, kunyumba ankati ali kuntchito.

Nikolasi anandipatsa foni. Ndinadzitchula dzina ndi mpingo wanga, n'kufunsa kuti mwamuna wake anavala chiyani pochoka, ndiponso ngati ali ndi chizindikiro pathupi. Mawu ake anasintha pomwepo.

"Bambo, chachitika n'chiyani? Ndiuzeni zoona."

"Ndikuuzani zoona, mayi. Kuchipatala kuli munthu wovulala, ali moyo. Sitikudziwa ngati ndi iye. Bwerani mudzaone."

Ndinafika kuchipatala ndisanadye kanthu. Mervis anafika pa kabaza nthawi yoonera odwala ya madzulo itangoyamba, nsalu itamangidwa mokhota, mchimwene wake wa Everson ali pambuyo. Phoebe anawatsogolera ku bedi la pakona. Mayiyo anayang'ana nkhope yotupayo ndipo ndinaona kuti sakuizindikira. Sanalire. Anavundukula bulangete, natenga dzanja lamanzere, nalitembenuza. Pachikhatho panali chipsera choyera chodutsa pakati, cha moto wa magetsi wa kalekale.

"Ndi iyeyu," anatero. Kenaka anawerama kufupi ndi khutu. "Bambo a Tionge. Bambo a Tionge, ndabwera."

Sindinena kuti anatsegula maso nthawi yomweyo, chifukwa sanatsegule. Anatsegula Lachiwiri lotsatira, ndipo madokotala ndi amene akudziwa chifukwa chake. Chimene ndinaona ine ndi chakuti Phoebe anatenga kadi ya pa bedi, nafafaniza mawu aja akuti wosadziwika, nalemba dzina lonse mchimwene wake akumutchulira. Magadiyani a mabedi ena anayamba kuombera m'manja pang'onopang'ono, ndipo bambo wina wothyoka mwendo anakuwa kuti, "Mkulu wa pakona wapeza eni ake!"

Lamulungu itatha Misa ndinapita kukafotokozera Mayi Petronela. Anamvetsera zonse osandidula, chimene sichichitika kawirikawiri. Nditamaliza anapuma mpweya wautali, nachita chizindikiro cha mtanda.

"Everson ndani?" anafunsa.

Ndinawauza dzina la bambo ake.

"Lembani apa, zilembo zikuluzikulu. Ndisamapempherere munthu wolakwika."

Ndinawauza kuti anthu a m'gulu akufuna kuwathokoza pamaso pa mpingo. Anakana. Anati Nikolasi ndiye anasova samu, mmisiri wa ku Chirimba ndiye anadziwa munthu, iwo anangonena failo. Ndinawayankha kuti tonsefe tinali ndi chithunzi chomwecho masiku atatu ndipo palibe anadziwa khomo loti agogode. Anati zimenezo ndi zoona, ndipo ngati ndikufuna kulemba ndilembe, koma adzawerenga asanaone wina aliyense. Awerenga. Anakonza malo asanu ndi awiri.

Everson anatuluka m'chipatala patatha milungu isanu. Amayenda motsimphina, ndipo za tsiku la ngozi sakumbukira chilichonse kuyambira pamene anatsika minibasi. Chigayo cha ku Machinjiri anamaliza ndi mnzake wa ku Chirimba uja, Everson atakhala pa mpando n'kumaloza. Mwini chigayo, ndinamva, anapita ku Bangwe kukapepesa chifukwa chomunena kuti wathawa ntchito.

Koma chimene chimandibwerera kwambiri ndi cha Loweruka lija m'wodi. Mayi wina wa ku Thyolo, amene ankadwazika mwamuna wake pa bedi loyandikana, ndiye anali atamusambitsa Everson masiku onsewo. Nthawi yosambitsa itakwana anabwera monga mwa masiku onse ndi beseni la madzi ofunda ndi kansalu. Mervis anaimirira, nagwada pansi pa simenti, nagwira beseni lija ndi manja awiri.

"Zikomo, amayi anga," anatero. "Mwatopa. Pitani kwa wanu. Uyu ndimusambitsa ndekha."